Kuyanjanitsa kashibuku ndi sitetimenti ya ku banki pamene macheke ena sanadutse ndipo dailekiti debiti sinalembedwe

Balansi ya m'kashibuku ndi balansi ya pa sitetimenti ya ku banki sizifanana pakutha pa mwezi, ndipo zimenezi pazokha si vuto. Ntchito yanu ndi kufotokoza kusiyanako mpaka tambala yomaliza. Zinthu zimene zimabweretsa kusiyana zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la zimene banki yachita kale koma inu simunazilembe, monga machaji a banki ndi dailekiti debiti, yomwe ndi ndalama zimene wolandira amadzitengera yekha mu akaunti mwanu mwa chilolezo chanu. Izi zimakonzedwa m'kashibuku. Gulu lachiwiri ndi la zimene inu munalemba kale molondola koma ku banki sizinafike, monga cheke chimene munapereka kwa munthu koma iye sanapite nacho ku banki. Izi sizikhudza kashibuku ngakhale pang'ono, zimangolembedwa pa pepala loyanjanitsira. Ambiri amene amasokonezeka pa ntchito imeneyi amakhala kuti asakaniza magulu awiriwa.

Tiyerekeze ndi shopu ya hadiweya ya ku Malangalanga, yogulitsa simenti, malata ndi misomali. Mwezi ndi wa Okutobala, nthawi imene anthu amathamangira kufolera nyumba mvula isanagwe, choncho ndalama zalowa ndi kutuluka kwambiri. Pa 31 Okutobala kashibuku likusonyeza kuti ku banki kuli K4,386,500. Sitetimenti ikuti kuli K4,547,500. Kusiyana kwake ndi K161,000, ndipo ya ku banki ndiyo yochuluka. Mwini shopu akaona zotere amangomwetulira n'kunena kuti bola ndalama zachuluka, sizinachepe. Koma muona kutsogoloku kuti K161,000 imeneyi yabisa zinthu zazikulu kuposa iyo, zina zokokera kuno, zina zokokera uko.

Sonkhanitsani mapepala

Musanayambe muyenera kukhala ndi sitetimenti ya mwezi wonse, kuyambira pa 1 mpaka pa 31, osati kameseji ka pa foni kosonyeza balansi ya lero. Pakhalenso kashibuku, buku la macheke lokhala ndi tizidutswa totsalira mukang'amba cheke, masilipi a dipoziti, ndi pepala loyanjanitsira la mwezi wa Seputembala. Pepala la mwezi wathali anthu amakonda kuliiwala, chonsecho ndi limene limakuuzani macheke amene anali asanadutse pamene mwezi uno umayamba.

Kumbukiraninso kuti sitetimenti imalembedwa monga mmene banki ikuonera. Ndalama zimene mwasungitsa ndi ngongole ya banki kwa inu, n'chifukwa chake zolowa zimaoneka mu kolamu ya CR ndipo zotuluka mu kolamu ya DR. M'kashibuku mwanu zili mosemphana: zolowa zili ku debiti, kumanzere, zotuluka zili ku kirediti, kumanja.

Yambani ndi za mwezi watha

Tengani pepala la Seputembala. Tinene kuti likusonyeza macheke awiri amene anali asanadutse pa 30 Seputembala. Afufuzeni pa sitetimenti ya Okutobala. Chimodzi chadutsa pa 3 Okutobala, ndiye chichongeni pa sitetimenti ndi pa pepala lakalelo, nkhani yake yatha. Musachilembenso m'kashibuku la Okutobala poona kuti mulibe, chifukwa chinalembedwa kale mu Seputembala ndipo mukatero ndiye kuti mwachichotsa kawiri. Chinacho, nambala 000398, cha K96,000, chimene chinalembedwa pa 20 Seputembala kulipira wa lole amene anatuta simenti ku Kanengo, sichikuoneka pena paliponse. Chimenechi chilembeni pambali, chilowanso pa mndandanda wa mwezi uno.

Chongani mzere ndi mzere

Apa palibe chidule. Ikani sitetimenti kumanzere, kashibuku kumanja, tengani pensulo. Yambani ndi zolowa: dipoziti iliyonse ya pa sitetimenti ipezeni m'kashibuku, ndipo zikafanana chongani mbali zonse ziwiri. Kenako zotuluka, ndipo pa macheke yang'anani nambala ya cheke pamodzi ndi ndalama zake, osati ndalama zokha. Shopu ikhoza kulipira K96,000 kwa anthu awiri osiyana mwezi umodzi, ndipo mukachonga poona ndalama zokha mudzachonga cheke cholakwika n'kumalondola munthu amene analandira kale zake. Werenganinso manambala onse a ndalamazo mpaka kumapeto, osangoona oyambirira n'kudumpha.

Mukamaliza, zimene zatsala zopanda chongo ndizo nkhani yonse. M'chitsanzo chathu, pa sitetimenti patsala mizere iwiri, yonse ya DR: K312,000 ya pa 25 Okutobala yopita ku kampani ya inshuwalansi, ndi K18,500 ya machaji a banki ya pa 31. M'kashibuku mwatsala zitatu: cheke 000412 cha K640,000 cholembedwa pa 28 kulipira ogulitsa malata, cheke 000415 cha K275,500 cholembedwa pa 30 kulipira lendi, ndi cheke cha K520,000 chochokera kwa kontilakitala wina, chimene mnyamata wa pa shopu anakasiya ku banki pa 31 madzulo, atatsala pang'ono kutseka. Powonjezera pa izi pali 000398 cha Seputembala chija.

Dailekiti debiti ija

Musathamangire kuilemba. Choyamba tsimikizani kuti ndi yanudi. Dailekiti debiti imasiyana ndi sitanding'i oda: pa sitanding'i oda inu ndi amene mumauza banki kuti izitumiza ndalama zakutizakuti tsiku lakutilakuti, pamene pa dailekiti debiti munasainira chilolezo choti wolandirayo azidzitengera yekha mu akaunti mwanu, ndipo ndalama zake zimatha kusintha. N'chifukwa chake imaiwalika msanga. Palibe cheke chimene munalemba, palibe amene anabwera kudzasainitsa vocha, ndalama zangotuluka mwakachetechete inu muli pa kauntala kuwerenga matumba a simenti.

Pezani fomu ya chilolezo imene inasainidwa, ndi pepala la polise kapena invoisi yosonyeza ndalama zoyenera kulipidwa. Onani zinthu zitatu: dzina la wolandira, ndalama, ndi tsiku. M'chitsanzo chathu, mwini shopu analembetsa inshuwalansi ya katundu wa m'shopu kumayambiriro kwa Okutobala n'kusainira kuti K312,000 izichotsedwa pa 25 mwezi uliwonse, koma fomuyo anaisunga m'galimoto osauza wolemba mabuku. Zonse zikugwirizana, choncho ndalamazo zinatuluka moyenera ndipo cholakwa chili m'kashibuku.

Pali funso lina loti mufunse musanapitirire: kodi alipo amene analipiranso inshuwalansi yomweyo m'njira ina? Zimachitika kuti wolemba mabuku, poona invoisi ili pa tebulo ndipo m'kashibuku mulibe malipiro ake, amalemba cheke kapena kutumiza pa foni. Apo ndiye kuti mwalipira kawiri, ndipo muyenera kulembera kampaniyo kuti ibweze kapena iwerengere mwezi wotsatira. Yang'anani dzina la kampaniyo pa tizidutswa ta m'buku la macheke ndi pa zotumiza zonse za mwezi umenewo.

Zikakhala kuti chilolezo palibe, kapena achotsa zochuluka kuposa zimene munagwirizana, kapena achotsa kawiri tsiku limodzi, imeneyo ndi nkhani ina. Lemberani banki kalata tsiku lomwelo ndipo sungani kope lodindidwa. Ngati kulakwa ndi kwa banki, ndalamazo simuzilemba ngati zogwiritsa ntchito za bizinesi. Zimakhala pa pepala loyanjanitsira, ndi mawu ofotokoza, mpaka banki itazibweza.

Konzani kashibuku

Tsopano lembani mizere iwiri ija ku kirediti kwa kashibuku. Dailekiti debiti ilembeni ndi deti limene inatuluka, 25 Okutobala, osati tsiku limene mwaitulukira, ndipo mbali yake inayo ipite ku debiti ya akaunti ya inshuwalansi mu leja. Machaji a K18,500 apite ku debiti ya akaunti ya machaji a banki. Ngati dailekiti debiti yanu ndi yobweza ngongole, musaiponye yonse ku zogwiritsa ntchito. Tengani ndandanda ya kabwezedwe imene munapatsidwa, gawo la chiwongoladzanja lipite ku akaunti ya chiwongoladzanja, lotsalalo lichepetse ngongoleyo.

Balansi ya kashibuku musanakonze: K4,386,500
Chotsani dailekiti debiti ya inshuwalansi: K312,000
Chotsani machaji a banki: K18,500
Balansi yokonzedwa: K4,056,000

K4,056,000 imeneyi ndiyo balansi yoona ya bizinesi pa 31 Okutobala. Ndiyo imene imapita pa malipoti a mwezi ndi pa balansi shiti, komanso ndiyo yoyambira mwezi wa Novembala.

Pano ndi pamene ndimatsutsana ndi kachitidwe kamene ndimakaona m'maofesi ang'onoang'ono ambiri. Wolemba mabuku amatenga dailekiti debiti ndi machaji n'kuziika pa pepala loyanjanitsira pamodzi ndi macheke, masamu n'kugwirizana bwinobwino, abwana n'kusaina. Masamuwo amagwirizanadi, koma kashibuku limakhala likunamabe kuti kuli K4,386,500, ndipo phindu la mweziwo limaoneka lokwera ndi K330,500 chifukwa inshuwalansi ndi machaji sizinalowe mu leja. Cheke chosadutsa chimadzichokera chokha pa mndandanda mwini wake akapita nacho ku banki. Dailekiti debiti sidzadzichokera, chifukwa ku banki inatha kale. Idzakhala pa pepalapo mu Novembala, ina n'kuwonjezekera pa 25, mu Disembala zitatu, mpaka tsiku lina cheke chanu chidzabwezedwe kashibuku likunena kuti ndalama zilipo.

Ngati mabuku a Okutobala munatseka kale ndipo malipoti anapita, musafufute kapena kupaka. Lembani m'mwezi umene uli wotsegula, ndi mawu oti ndi dailekiti debiti ya pa 25 Okutobala imene sinalembedwe, ndipo dziwitsani amene analandira malipoti aja kuti zogwiritsa ntchito za Okutobala zinachepa ndi ndalama zimenezo.

Lembani pepala loyanjanitsira

Yambani ndi balansi ya pa sitetimenti, ndipo muifunse funso limodzi: ikanakhala zingati banki ikanadziwa zonse zimene ife tikudziwa? Cheke cha kontilakitala chikalowa, ndalama zidzachuluka, ndiye chiwonjezereni. Macheke amene tinapereka akadzafika, ndalama zidzachepa, ndiye achotseni.

Balansi ya pa sitetimenti pa 31 Okutobala: K4,547,500
Wonjezerani cheke chodipozitidwa pa 31, chosaoneka pa sitetimenti: K520,000
Pamodzi: K5,067,500
Chotsani macheke osadutsa:
000398, 20 Seputembala, wa lole: K96,000
000412, 28 Okutobala, ogulitsa malata: K640,000
000415, 30 Okutobala, lendi: K275,500
Macheke onse pamodzi: K1,011,500
Balansi yoyenera kufanana ndi kashibuku: K4,056,000

Zafanana. Cheke chilichonse chilembedwe pachokha, ndi nambala, deti ndi wolandira. Mukangolemba kuti macheke osadutsa K1,011,500, mwezi wamawa simudzadziwa choti muchonge.

Amene mumagwiritsa ntchito Excel, ikani balansi ya sitetimenti mu B2, madipoziti osaoneka mu B4 mpaka B6, macheke osadutsa mu B8 mpaka B15, ndi balansi yokonzedwa ya kashibuku mu B17. Fomula iyi iyenera kupereka 0:

```
=B2+SUM(B4:B6)-SUM(B8:B15)-B17
```

Onani tsopano zimene K161,000 ija inabisa. Zosalembedwa m'kashibuku zinali K330,500. Macheke osadutsa kuchotsapo dipoziti yosaoneka ndi K491,500. Kusiyana kwa ziwirizi ndiko K161,000. Mwini shopu akanakhulupirira sitetimenti n'kuitanitsa simenti ya K4,500,000, macheke atatu aja akanapeza akaunti youma. Ndipotu ngakhale K4,056,000 si yonse yoti n'kugwiritsa ntchito lero, chifukwa K520,000 ya kontilakitala sinatsimikizike. Zimene angazikhulupirire ndi K3,536,000.

Pa cheke cha kontilakitalachi pali chinthu choti musamale nacho. Cheke cha banki ina chimayenera kudutsa kaye pa kusinthana macheke kwa mabanki chisanakhale ndalama zoti n'kutapa. Masitetimenti ena amachionetsa tsiku lomwe mwachidipozita, ndipo pa sikirini mumaona mabalansi awiri, wina wolembedwa Ledger Balance kapena Book Balance, wina Available Balance. Poyanjanitsa gwiritsani ntchito balansi imene ili kumapeto kwa mizere ya sitetimenti, osati Available Balance. Ngati chekecho chaoneka kale ngati mzere pa sitetimenti, chachongedwa, ndipo sichilowanso pa pepala loyanjanitsira ngakhale ndalama zake simungazitape. Chikadzabwezedwa, mwachitsanzo ndi mawu oti Refer to Drawer, chidzaoneka ngati DR, ndipo pamenepo chalowa m'gulu loyamba lija: mulembe ku kirediti kwa kashibuku ndi ku debiti kwa akaunti ya kasitomalayo, ngongole yake yabwerera.

Zikakana kufanana

Nambala imene yatsala imakuuzani koyambira. Ikakhala K312,000 ndendende, ndiye kuti dailekiti debiti simunailembe, kapena mwaichotsa kawiri, m'kashibuku komanso pa pepala. Ikakhala K624,000, mwailemba mbali yolakwika, ku debiti m'malo mwa ku kirediti, chifukwa kulakwitsa mbali kumabweretsa kusiyana kowirikiza kawiri. Choncho nthawi zonse gawani kusiyanako ndi 2 n'kuona ngati yankholo likufanana ndi mzere wina. Ikakhala K96,000, mwaiwala cheke cha Seputembala.

Kenako gawani ndi 9. Tinene kuti posamutsa cheke cha lendi kuchoka m'kashibuku kupita pa pepala loyanjanitsira mwalemba K257,500 m'malo mwa K275,500. Kusiyana kudzakhala K18,000, yomwe imagawika ndi 9 popanda chotsala, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chakuti mwina manambala awiri asinthana malo. Msampha wake ndi woti K18,000 ili pafupi kwambiri ndi K18,500 ya machaji, moti munthu wotopa amangoti ndi machaji ena a banki n'kulemba mzere wongopeka kuti apite kunyumba. Musalembe m'kashibuku chinthu chimene chilibe mzere pa sitetimenti kapena pepala lochiikira umboni. Bwererani ku tizidutswa ta m'buku la macheke, ndi pamene pali ndalama zimene zinalembedwadi.

Ngati akaunti ili pa ovadirafuti, balansi ya sitetimenti ilembeni ndi chizindikiro chochotsera, kenako tsatirani njira yomweyi. Macheke osadutsa adzakulitsa ovadirafutiyo, madipoziti adzaichepetsa.

Macheke amene akhalitsa

Cheke 000412 ndi 000415 sizodetsa nkhawa, zalembedwa masiku omaliza a mwezi ndipo ziyenera kuoneka m'sabata yoyamba kapena yachiwiri ya Novembala. Ingotsimikizani kuti zinaperekedwadi kwa eni ake. Cheke chimene chalembedwa m'kashibuku koma chili m'dirowa ya abwana, kudikira kuti malonda ayende kaye, sichinalipire aliyense. Ngongole ya ogulitsa malata ikadalipo, ndipo kuchiika pa mndandanda wa macheke osadutsa ndi kunamiza mabuku. Maoditala amazigwira zimenezi mosavuta, amangoona kuti macheke onse a pa 31 anadutsa patapita sabata zisanu.

Cheke 000398 ndicho chofuna foni. Wa lole amafuna ya dizilo tsiku lomwelo, ndiye kukhala ndi cheke cha K96,000 sabata zoposa zisanu osapita nacho ku banki sikwachibadwa. Mwina chinatayika, mwina dzina linalembedwa mosiyana ndi la pa akaunti yake, mwinanso anabwera kudzadandaula ndipo mwini shopu anamupatsa kashi kapena kumutumizira pa Airtel Money kapena Mpamba osatenganso chekecho. Ngati analipidwa m'njira ina kapena chinatayika, lemberani banki kuti ichiimitse, ndipo ikatsimikiza, chibwezereni ku debiti kwa kashibuku. Musachifafanize pa mndandanda banki isanachiimitse, chifukwa chikhoza kutulukira tsiku lililonse. Mwa chizolowezi cha mabanki, cheke chikapitirira miyezi 6 chichilembedwere sichilandiridwanso, choncho ichi chikafika kumapeto kwa Malichi chisanadutse, chibwezereni m'kashibuku ndipo K96,000 ikhale ngongole imene mukadali nayo kwa wa loleyo, osati phindu.

Dipoziti yosaoneka ndiyo yosayenera kukhalitsa n'komwe. Tengani sitetimenti ya masiku oyamba a Novembala n'kuifufuza. Ikapanda kuoneka patatha masiku ochepa a ntchito, tengani silipi yodindidwa mupite nayo ku nthambi imene inadipozitidwa. Mwina yalowa mu akaunti ya munthu wina chifukwa cha nambala yolakwika pa silipi. Ngati silipi yodindidwa palibe, funsani amene anatumidwa.

Sainani ndi kukonzekera Novembala

Lembani deti pa pepala loyanjanitsira n'kusaina, ndipo munthu wina amene salemba kashibuku, kaya mwini shopu kaya msungichuma, alione pamodzi ndi sitetimenti yeniyeni asanasaine. Iye ayerekeze balansi ya pa pepala ndi ya pa sitetimenti ndi maso ake, ndiponso afunse za cheke chilichonse chimene chapitirira mwezi. Phatikizani pepalalo, sitetimenti ndi kope la fomu ya chilolezo cha dailekiti debiti mu fayilo imodzi.

Pomaliza, tsegulani tsamba lakumapeto kwa kashibuku n'kulembapo madailekiti debiti ndi masitanding'i oda onse a akauntiyi: wolandira, tsiku, ndalama, ndi mwezi umene adzathe. Pa 25 Novembala lembani K312,000 m'kashibuku tsiku lomwelo, kenako onani pa foni ngati yatulukadi komanso ngati ndalama zake sizinasinthe. Ikapanda kutuluka, kawirikawiri chifukwa choti mu akaunti munalibe zokwanira, bwezerani mzere umene munalembawo, lembani chaji imene banki ingadule, ndipo imbirani kampani ya inshuwalansi kuti mudziwe ngati polise ikugwirabe ntchito ndi mmene mungalipirire mwezi umenewo.